Mmene mungapezere muzu wa mawu a Chiarabu ndi kuzindikira abale ake

Munthu akatsegula mtanthauziramawu wa Chiarabu koyamba n'kufuna mawu oti maktaba (مكتبة), amathamangira pa chilembo cha miim poti ndicho chili koyambirira. Amafufuza mpaka kutopa osawapeza. Mawuwo alimo, koma ali pansi pa chilembo cha kaaf, pamodzi ndi kitaab, kaatib ndi maktuub, chifukwa onsewa anaphuka pa zilembo zitatu, k-t-b (ك ت ب), zimene zimasenza ganizo la kulemba. Zilembo zitatuzi Aarabu amazitcha jidhr, kutanthauza muzu. Mawu ambiri a chinenerochi amamangidwa motere, ndipo amene wadziwa kuzula muzu m'mawu achilendo amatha kuyandikira tanthauzo lake asanafunse munthu.

Malangizo awa ndi a munthu amene amatha kale kuwerenga zilembo 28 za Chiarabu, ngakhale mwapang'onopang'ono, kaya anaphunzira ku madrasa kaya payekha. Polemba mawu a Chiarabu m'zilembo zathu, ndibwereza chilembo chaliwu pamene liwulo ndi lalitali (aa, ii, uu), ndipo chizindikiro ichi ' chiimira ain (ع) ya pakhosi ija, kupatula pamene ndanena kuti ndi hamza.

Choyamba: zoloweretsani diso kuona zilembo zitatu

Lembani mawu awa papepala, chilichonse pamzere wakewake: kataba, analemba, yaktubu, akulemba, uktub, lemba, kaatib, mlembi, maktuub, cholembedwa, kitaab, buku, kutub, mabuku, maktab, ofesi kapena desiki, maktaba, nyumba ya mabuku. Mukatero tengani cholembera cha mtundu wina ndi kudula mzere kunsi kwa k, t ndi b m'mawu onsewo. Muona kuti zilembo zitatuzi sizisowa pena paliponse ndiponso sizisinthana malo: k patsogolo, t pakati, b kumapeto. Dongosolo limeneli ndi mbali ya muzuwo. Mukalisokoneza mwalowa m'banja lina, chifukwa k-b-t ndi muzu wa kupondereza.

Ife olankhula Chichewa zimenezi si zachilendo kwenikweni. Pa -lemb- timapeza lemba, lembetsa, lemberana, lembedwa, mlembi ndi chilembo. Kusiyana kwake kuli apa: muzu wathu umakhala wathunthu, ndipo timangophatikiza zina kutsogolo ndi kumbuyo kwake, pamene muzu wa Chiarabu umatseguka, zilembo zaliwu n'kulowa pakati pake. M'mawu oti kitaab mwalowa i ndi aa, mu kutub mwalowa u kawiri, mu maktab chilembo cha k chagundana ndi t popanda liwu pakati. N'chifukwa chake khutu lathu silimva msanga kuti kutub ndi maktab ndi pachibale. Diso ndilo limayamba kuona, khutu limatsatira pambuyo.

Chachiwiri: phunzirani zikombole

Woumba njerwa amadziwa kuti dothi ndi chinthu china, chikombole ndi chinanso. Dothi lomwelo likalowa m'chikombole china limatuluka ndi maonekedwe ena. Muzu ndiwo dothi, ndipo kamangidwe ka mawu, kamene Aarabu amati wazn, ndiko chikombole. Muzu umanena kuti nkhani ndi yotani, kulemba kaya kuphika. Chikombole chimanena kuti m'nkhaniyo tikukamba za ndani: wochita, chochitidwa, malo ochitirapo kapena chida.

Akatswiri a galamala ya Chiarabu anasankha muzu umodzi, f-'-l (ف ع ل), wa mneni fa'ala, anachita, kuti uziimira mizu yonse. Chilembo cha faa chimaimira choyamba cha muzu uliwonse, ain chachiwiri, laam chachitatu. Akati kaatib ali pa faa'il, akutanthauza kuti pamene pali f muike k, pamene pali ain muike t, pamene pali l muike b. Musanyalanyaze njirayi poganiza kuti ndi ya ma shehe okha. Mabuku onse a sarf, phunziro la kamangidwe ka mawu, amaigwiritsa ntchito, ndipo imachepetsa zoloweza.

Yambani ndi zikombole zinayi za mayina, zikwana pa masabata oyamba.

Faa'il ndi wochita. Pa k-t-b tapeza kale kaatib. Pa '-l-m, muzu wa kudziwa, timapeza 'aalim, wodziwa. Pa h-m-d (ح م د), muzu wa kutamanda, pali haamid, wotamanda.

Maf'uul ndi chimene chachitidwa: maktuub, cholembedwa, ma'luum, chodziwika, mahmuud, wotamandidwa, maftuuh, chotsegulidwa, kuchokera pa f-t-h (ف ت ح).

Chikombole cha malo ndicho chosangalatsa kwambiri, chifukwa mawu ake ambiri mumawadziwa kale. Chimayamba ndi ma- ndipo chili ndi maonekedwe atatu: maf'al, maf'il ndi maf'ala. Muzu wa s-j-d ndi wa kugwetsa mphumi pansi popembedza, sujuud, choncho masjid ndi malo ochitirapo zimenezo. Mawu athu oti mzikiti anachokera pomwepa kudzera ku Chiswahili. Muzu wa d-r-s ndi wa kuphunzira, ndipo madrasa ndi malo ophunzirirapo, sukulu iliyonse, ya chipembedzo ngakhale ya boma. Pa kh-r-j, kutuluka, pali makhraj, potulukira, ndipo amene anaphunzira tajwiid akukumbukira makhaarij, malo a m'kamwa ndi pakhosi pamene chilembo chilichonse chimatulukira. Chikombole chomwechi chimanenanso nthawi. Gh-r-b ndi kulowa kwa dzuwa, choncho maghrib ndi kumadzulo kumene dzuwa limalowera, ndi nthawi imene limalowa, ndiponso swala ya nthawiyo.

Chida chimayamba ndi mi-. Miftaah, kiyi, ndi chotsegulira, m'bale wa maftuuh uja ndi faatiha, chotsegula.

Mukaphunzira chikombole chimodzi, chiyeseni pa mizu isanu tsiku lomwelo, mokweza mawu. Mutapatsidwa t-b-kh (ط ب خ), kuphika, muyenera kutulutsa nokha matbakh, khitchini, ndi matbuukh, chophikidwa.

Chachitatu: misintho ya mneni

Kusukulu tinaphunzira msintho wochititsa, wochitirana ndi wochitidwa. Chiarabu nacho chili ndi misintho, ndipo mabuku olembedwa ku Ulaya amaipatsa manambala kuyambira 1 mpaka 10. Ilipo ina kupitirira apo, koma siipezeka kawirikawiri. Simuyenera kuloweza yonse khumi nthawi imodzi. Tiyeni tiione makamaka pa muzu umodzi, '-l-m.

Mneni wosasinthidwa ndi 'alima, anadziwa. Mukabwereza chilembo chapakati, chimene polemba chimaikidwa shadda, mupeza 'allama, anadziwitsa mobwerezabwereza, ndiko kuphunzitsa. Umenewu ndi msintho 2. Mukaika ta- patsogolo pa msintho womwewu mupeza msintho 5, ta'allama, anaphunzira, munthu amene kuphunzitsako kwagwira ntchito pa iye. Msintho 4 umayamba ndi a-: a'lama, anauza, anadziwitsa. Msintho 10 umayamba ndi ista- ndipo nthawi zambiri umanena za kupempha kapena kufuna chinthucho: ista'lama, anafunsa kuti adziwe. Msintho 3 umatalikitsa liwu loyamba ndipo umalowetsa munthu wachiwiri m'nkhani, monga kaataba, analembera wina kalata. Ukalandira ta- umakhala msintho 6, takaataba, umene umanena za anthu olemberana.

Tsopano phindu lalikulu lili apa. Msintho uliwonse kuyambira 2 mpaka 10 umabala dzina la wochita loyamba ndi mu-. Pa 'allama timapeza mu'allim, mphunzitsi, mawu amene ambiri timawamva ngati mwalimu. Pa ta'allama pali muta'allim, wophunzira. Pa darrasa, anaphunzitsa, pali mudarris. Pa muzu wa s-l-m, wa mtendere ndi kukhala bwino, msintho 4 ndi aslama, anadzipereka. Wodziperekayo ndi muslim, ndipo kudziperekako ndi islaam. Salaam imene anthu amapatsana ndi ya banja lomweli.

Samalani ndi liwu lomaliza m'mayina a mu- amenewa. Likakhala i, kasra, ndi wochita. Likakhala a, fat-ha, ndi wochitidwa. Mursil ndi wotumiza, mursal ndi wotumizidwa. Dzina loti Muhammad lili ndi a, ndipo lili pa msintho 2 wa h-m-d: wotamandidwa kwambiri. M'nyuzipepala ndi m'mabuku ambiri a akuluakulu zizindikiro za mawu afupiafupi sizilembedwa, choncho mursil ndi mursal onse amaoneka مرسل, ndipo كتب angakhale kataba, kutub kapena kutiba, kunalembedwa. Chiganizo ndicho chimaweruza, koma chimaweruzira munthu amene zikombole zili kale m'mutu mwake.

Chachinayi: kuvula mawu achilendo mpaka muzu uoneke

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi bwino kuichita mwadongosolo, kuyambira kunja kulowa m'kati. Titenge mawu awa: والمستغفرين, wal-mustaghfiriina. Ali ndi zilembo 11, ndipo zitatu zokha ndizo za muzu.

Yambani ndi timawu tongophatikizidwa koyambirira, timene si mbali ya mawuwo. Wa- ndi "ndi". Al- ndi kachizindikiro kolozera chinthu chodziwika. Ena a gulu limeneli ndi fa-, bi-, li- ndi ka-. Tikachotsa wa- ndi al- tatsala ndi mustaghfiriina.

Pitani kumapeto. Chotsani zonena za kuchuluka (-uuna, -iina, -aat), taa yomangidwa ya chachikazi (ة), ndi alowam'malo monga -hu, -haa, -hum, -kum, -naa. Apa -iina ikutiuza kuti ndi anthu ambiri. Tatsala ndi mustaghfir.

Tsopano funsani kuti chikombole ndi chiti. Musta- koyambirira akutiuza kuti ndi dzina lochokera ku msintho 10, ndipo i wa kumapeto akuti ndi wochita. Chikombole ndi mustaf'il. Ikani mawu awiriwa wina pamwamba pa mnzake: pamene pali f pagwa gh, pamene pali ain pagwa f, pamene pali l pagwa r. Muzu ndi gh-f-r (غ ف ر).

Pomaliza sonkhanitsani zimene mwapeza. Ghafara ndi kukhululuka, maghfira ndi chikhululuko. Msintho 10 ndi wa kupempha. Wochita, ambiri, ndi "ndi" patsogolo. Mawuwo akuti: ndi opempha chikhululuko. Ndipo mukayang'ananso astaghfirullaah, amene Msilamu aliyense amanena tsiku ndi tsiku, muona muzu womwewo pa msintho womwewo, ndi a- woimira ine: ndikupempha chikhululuko kwa Allah. M'banja lomweli muli mighfar, chisoti chachitsulo cha kunkhondo, pa chikombole cha chida, chifukwa ganizo lakale la muzuwu ndi kuphimba.

Pali thandizo lina limene aphunzitsi a galamala akhala akupereka kwa zaka mazana ambiri. Zilembo zimene zingawonjezeredwe pa muzu zilipo khumi, ndipo anaziunjika m'mawu amodzi oti aziloweza: سألتمونيها, sa'altumuuniihaa (chizindikiro cha apa ndi hamza). Zilembozo ndi siin, hamza, laam, taa, miim, waaw, nuun, yaa, haa yopepuka ndi alif. Chilembo chimene mulibe m'gululi, monga ghain, faa, raa, jiim kapena daal, mukachiona pakati pa mawu dziwani kuti pafupifupi nthawi zonse ndi cha muzu. Mu مستغفر zilembo zitatu zomaliza zonse zili kunja kwa gululi, ndipo n'chifukwa chake muzu unaoneka mosavuta.

Koma lamuloli silinena kuti zilembo khumizo nthawi zonse ndi zowonjezera. Limangoti zikhoza kutero. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Akazolowera kuchotsa miim ya koyambirira amaichotsanso mu malik, mfumu, n'kutsala ndi l-k. Miim imeneyo ndi ya muzu, m-l-k, ndipo mu mamlaka, ufumu, yoyamba ndiyo ya chikombole, yachiwiri ya muzu. Muzu wa s-l-m wonse wapangidwa ndi zilembo za m'gulu lomweli. Choncho werengani zotsala nthawi iliyonse mukachotsa kanthu. Zikatsika pansi pa zitatu, bwezerani chomwe mwachotsa ndipo muyesenso.

Msampha wina ndi msintho 8, umene umabisa taa m'kati mwa muzu, pambuyo pa chilembo choyamba. Ijtimaa', msonkhano, ndi wa j-m-', kusonkhanitsa, m'bale wa jumu'a ndi jamaa'a. Iftitaah, mwambo wotsegulira, ali ndi taa ziwiri: yoyamba ya chikombole, yachiwiri ya muzu f-t-h. Wonyenga kwambiri ndi istama'a, anamvetsera. Amayamba ndi ist- ngati msintho 10, koma mukachotsa zitatuzo mutsala ndi m ndi ain basi. Siin ndi ya muzu, s-m-', kumva, ndipo mneniyo ndi wa msintho 8.

Chachisanu: pamene zatsala ziwiri ngakhale mwachita bwino zonse

Nthawi zina simunalakwitse chilichonse, koma chilembo chimodzi cha muzu chabisala. Zimene zimakonda kubisala ndi waaw ndi yaa, ndipo mizu yokhala nazo imatchedwa yofooka.

Tengani mustaqiim (مستقيم), wowongoka. Musta- tamudziwa kale. Tikamuchotsa tatsala ndi q, ii, m. Liwu lalitali loima pakati pomwe payenera kukhala chilembo cha muzu ndi chizindikiro chakuti pamenepo pali waaw kapena yaa. Poti tikuona yaa, mtima umafulumira kunena kuti muzu ndi q-y-m. Musafulumire. Funsani abale ake. Mneni wosasinthidwa ndi qaama, anaimirira, ndipo ameneyu sakuthandiza chifukwa ali ndi alif. Koma m'nthawi yatsopano ndi yaquumu, ndipo dzina lakuti qawm, mtundu wa anthu, likuonetsa waaw poyera. Muzu ndi q-w-m. M'banja limeneli muli qiyaam, kuimirira, iqaama imene imanenedwa swala ikamayamba, maqaam, poimirira, ndi qiyaama. Njira yomweyi imagwira pa qaala, ananena: yaquulu ndi qawl zikuulula q-w-l. Pa baa'a, anagulitsa, yabii'u ikuulula yaa.

Onaninso kuti istaqaama satanthauza kupempha kuimirira. Amatanthauza kuwongoka. Tanthauzo la msintho limakulozerani kumene mungayang'ane, koma silikhala chimodzimodzi pa muzu uliwonse.

Waaw ikakhala yoyamba imatha kugweratu. Wasala (وصل), anafika, amakhala yasilu m'nthawi yatsopano, ndipo pa msintho 8 waaw imasanduka taa: ittisaal, kulumikizana. Mukaona mawu oyamba ndi itti-, yambani mwaganizira waaw. Ikakhala yomaliza imasanduka alif kapena hamza, monga da'aa, anaitana, ndi du'aa, pemphero, pamene da'wa ikuionetsa. Mtundu wotsiriza ndi wosavuta: zilembo ziwiri zomaliza zikafanana zimalembedwa kamodzi ndi shadda, choncho hajj ndi h-j-j, radda, anabweza, ndi r-d-d.

Chachisanu ndi chimodzi: tsimikizani mu mtanthauziramawu

Kusanja mawu potsata mizu kunayamba kalekale. Al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, m'zaka za m'ma 700, anachita zimenezi mu Kitaab al-'Ain, ngakhale iye anasanja zilembo potsata potulukira pake, kuyambira pakhosi. Lisaan al-'Arab wa Ibn Manzuur, amene anamalizidwa mu 1290, amasanja mizu poyang'ana chilembo chomaliza, kotero k-t-b mukamupeza pa baa; makope ena osindikizidwa masiku ano anawasanjanso kuti atsate chilembo choyamba, ndiye yang'anani kaye mmene kope lanu lilili. Mtanthauziramawu amene ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito lero ndi wa Hans Wehr, amene anatuluka m'Chijeremani mu 1952 ndi m'Chingerezi mu 1961. Umenewu umatsata chilembo choyamba cha muzu. Pansi pa muzu umayamba ndi mneni wosasinthidwa, kenako misintho ndi manambala ake a Chiroma popanda kuilemba yonse, kenako mayina. Ukangolemba X, umayembekezera kuti inu mudziwa kuti ndi ista-.

Musadumphe kutsimikiza kumeneku, pa zifukwa zitatu. Choyamba, si muzu uliwonse umene umalowa m'chikombole chilichonse, choncho mawu amene mwaumba nokha akhoza kukhala omveka bwino koma osagwiritsidwa ntchito ndi aliyense. Chachiwiri, zilembo zitatu zofanana zimatha kusunga mabanja osiyana. Pa dh-h-b pali dhahaba, anapita, ndi madh-hab, njira imene gulu la akatswiri a malamulo a Chisilamu limatsata, koma palinso dhahab, golide. Pa j-m-l pali jamiil, wokongola, jamal, ngamila, ndi jumla, chiganizo. Ena amayesa kulumikiza zonsezi ndi nkhani zokoma kumva, koma ine ndikuona kuti wophunzira angozilemba padera monga mmene mtanthauziramawu wachitira. Chachitatu, ilipo mizu ya zilembo zinayi, monga t-r-j-m mu tarjama, anamasulira, ndi z-l-z-l mu zalzala, chivomezi. Mukachotsa taa mu tarjama poganiza kuti ndi yowonjezera mufika pa r-j-m, kuponya miyala.

Kachitidwe ka tsiku ndi tsiku

Gulani kope limodzi la ntchito imeneyi yokha. Muzu uliwonse upatseni tsamba lake, zilembo zitatu zolekanitsidwa pamwamba, ndi ganizo lake m'mawu amodzi kapena awiri a Chichewa. Musakopere banja lonse kuchokera mu mtanthauziramawu. Lembani mawu okhawo amene mwakumana nawo powerenga, ndipo pambali pake mulembe chikombole chake ndi chiganizo chimene munawapezamo. Kumapeto kwa kope sungani masamba ena a zikombole, tsamba la maf'al, la mufa''il, la istaf'ala, kuti mawu aliwonse atsopano azilembedwa kawiri, kamodzi pa muzu wake ndi kamodzi pa chikombole chake.

Yambani ndi mizu yolimba imene zilembo zake sizibisala: k-t-b, d-r-s, '-l-m, s-l-m, f-t-h, kh-r-j, d-kh-l, j-m-', h-m-d ndi r-h-m. Mizu yofooka muiyambe pamene mwafika poti mukaona mudarris mumatchula d-r-s musanaganize. Mayina ochuluka nawo alembeni limodzi ndi dzina lake la chimodzi kuyambira tsiku loyamba, kitaab ndi kutub, dars ndi duruus, masjid ndi masaajid, chifukwa zikombole za kuchuluka zilipo zambiri ndipo kawirikawiri simungadziwiretu chimene dzina lina lidzatenge. Ngakhale mawu obwera kuchokera ku zinenero zina amalowetsedwa m'zikombole zomwezi: bank amachuluka kukhala bunuuk monga dars ndi duruus, ndipo film amakhala aflaam monga qalam, cholembera, ndi aqlaam.